Ngodya za prizimu, mizere ya mekyule ndi chubu chopanda dzina

Spekitiromita ya prizimu imatha ntchito imodzi yokha, yoyeza ngodya. Siidziwa utali wa funde la kuwala, ndipo siidziwanso dzina la mpweya umene ukuwala patsogolo pake. Wophunzira wa fizikisi akapatsidwa chubu chowala chopanda chizindikiro, n'kuuzidwa kuti apeze chomwe chili m'kati mwake, zimene chidacho chingamupatse ndi madigiri ndi maminiti basi. Kuti madigiriwo asanduke mananomita, ayenera kuyamba wayang'ana nyale ina imene mizere yake idayezedwa kale ndi anthu ena pa zida zamtundu wina, ndipo m'malabotale ambiri ophunzitsiramo nyale imeneyo ndi ya mekyule. Ntchito yolinganiza ngodya za chida ndi mizere yodziwika kale ndi imene imatchedwa kalibulesheni. Ili ngati kuyesa sikelo ya pamsika ndi miyala ya makilogalamu yodziwika musanayambe kuikhulupirira pa thumba la nyemba. Sikelo imene mwaiyesa ndi kilogalamu imodzi ndi makilogalamu asanu okha simungailumbirire pa makilogalamu makumi asanu, ndipo vuto lenileni la ntchito yathuyi lagona pomwepo.

Chidacho chili ndi zigawo zochepa. Kumbali ya nyale kuli kolimeta, chubu chokhala ndi kampata kopyapyala kumapeto amodzi ndi lenzi kumapeto ena. Kampatako kamatsekuka ndi kutsekeka ndi sikuluwu. Kakakhala pamalo oyenera, kuwala kotuluka m'lenzi kumayenda mondondozana, osasonkhana komanso osamwazikana, ngati kuti kwachokera kutali kwambiri. Pakati pali katebulo kozungulira pomwe pamakhala prizimu. Mbali inayo kuli telesikopu, imene imazungulira katebuloko, ndipo m'kati mwake muli timawaya tiwiri topingasana tolozera malo enieni amene mukuyang'ana. Pansi pa zonsezi pali mbale yachitsulo yolembedwa madigiri 360.

Mawu oti mzere amasokoneza ongoyamba kumene, chifukwa amaganiza kuti kuwala kwa mekyule kuli ndi mizere mwachibadwa. Mzere uliwonse umene mukuuona m'telesikopu ndi chithunzi cha kampata kaja, chojambulidwa ndi kuwala kwa utali umodzi wa funde. Kampatako kakadakhala kabowo kozungulira, mukadaona timadontho. Mukakatsekula kwambiri, mizere imanenepa n'kuyamba kulowana, ndipo mukakatseka mopitirira, mizere yofooka imazimirira. Chimene chili chachibadwa ndi chakuti atomu ya mpweya wowala imatulutsa kuwala pa mautali ochepa okhazikika, olingana ndi kusiyana kwa masitepe a mphamvu amene maelekitironi ake amalumpha. Babu ya waya wotentha imapereka utawaleza wosaduka, pomwe mpweya wa m'chubu umapereka mizere yotalikirana yokhala ndi mdima pakati.

Prizimu imalekanitsa mizereyi chifukwa galasi silipinda mitundu yonse ya kuwala mofanana. Nambala yosonyeza mphamvu ya galasi yopinda kuwala imatchedwa indekisi, ndipo imalembedwa n. Pa galasi lolemera la flinti, lomwe maprizimu ambiri a m'labotale amapangidwa nalo, n imakhala cha m'ma 1.61 pa kuwala kofiira ndi cha m'ma 1.65 pa kwa vayoleti. Kusintha kwa n potsata utali wa funde kumatchedwa kubalalika. Kusinthaku sikuyenda ndi liwiro limodzi. Kumbali ya vayoleti n imakwera msanga, motero mizere ya kumeneko imatayana bwino, pomwe kumbali yofiira imasintha pang'onopang'ono ndipo mizere imathinana. Galasi lililonse lili ndi kubalalika kwakekwake. N'chifukwa chake kalibulesheni ya prizimu ina singagwire ntchito pa prizimu inzake, ngakhale zifanane maonekedwe.

Musanawerenge ngodya iliyonse, chida chiyenera kukonzedwa, ndipo ndondomeko yake siisinthidwa. Mumayamba ndi kalenzi ka padiso, kukasuntha mpaka timawaya tija tioneke bwino diso lili lomasuka. Kenako mumalozetsa telesikopu pawindo, pa chinthu chakutali monga mtengo kapena denga la nyumba, n'kuichuna mpaka chinthucho chioneke bwino. Apa pamalowa mawu akuti paralakisi. Mukagwedeza mutu pang'ono n'kuona chithunzi chikusuntha mosiyana ndi timawaya, ndiye kuti ziwirizo sizili pamalo amodzi, ndipo kawerengedwe kanu kazidalira pomwe mwaika diso. Paralakisi ikatha, telesikopu siichunidwanso. Mumailozetsa pa kolimeta n'kuchuna kolimetayo mpaka m'mphepete mwa kampata muoneke mosachita chimbuuzi. M'chipinda chopanda windo muli njira ina, ya Arthur Schuster ya mu 1879, yochuna ziwirizi mosinthanasinthana pogwiritsa ntchito prizimu yomwe. Chomaliza n'kuwongola katebulo ndi masikuluwu ake atatu kuti mizere isakwere kapena kutsika telesikopu ikamazungulira.

Tsopano tifike pa lingaliro limene ntchito yonse yatsamirapo. Kuwala kukadutsa m'prizimu kumasiya njira yake yoyamba, ndipo ngodya ya pakati pa njira yakale ndi yatsopano imatchedwa kupatuka. Vuto n'lakuti kupatukaku sikudalira mtundu wa kuwala wokha. Kumadaliranso mmene prizimu yakhalira pa katebulo. Mukaitembenuza pang'ono, mzere womwewo umapezeka pa ngodya ina. Tingalembe bwanji nambala imene ikusintha ndi dzanja lathu lomwe?

Yankho limaoneka ndi maso. Lozetsani telesikopu pa mzere wobiriwira wa mekyule, muyambe kuzunguliza katebulo pang'onopang'ono mbali imene ikuchititsa mzerewo kuyandikira njira yowongoka ya kuwala. Mzere uyenda, inu muziutsatira ndi telesikopu. Pakapita kanthawi uyamba kuchedwa, kenako uima, ndipo ngakhale mupitirize kuzunguliza katebulo mbali yomweyo, mzerewo ubwerera kumene unachokera. Malo amene watembenukirapo ndiwo kupatuka kochepetsetsa, komwe tizilemba D. Pamalo amenewo kuwala kumalowa ndi kutuluka m'prizimu pa ngodya zofanana, ndipo m'kati mwa prizimu ya mbali zofanana kumayenda motsata tsinde lake. Ubwino wake uli pawiri. Munthu wina aliyense, pa tsiku lina lililonse, angawapeze malo omwewo pa prizimu yomweyo. Komanso, popeza mzere umakhala utaima pamenepo, kuphonya pang'ono kakhalidwe ka prizimu sikusintha kawerengedwe kwenikweni. Ambiri amathamangira gawo limeneli, n'kuwerenga mzere usanafike potembenukira. Chizindikiro chake sichivuta: kulakwa kotere kumakweza D nthawi zonse, sikungaitsitse, motero ngati mwawerenga kangapo n'kupeza nambala zosiyana, yokayikitsa ndi yaikuluyo.

Pa kupatuka kochepetsetsa pokha ndi pomwe fomula iyi imagwira ntchito, A ikuimira ngodya ya pansonga pa prizimu:

n = sin((A + D)/2) / sin(A/2)

A nayonso imayezedwa, siingoganiziridwa kuti ndi madigiri 60 chifukwa choti prizimu ikuoneka ya mbali zofanana. Mumalozetsa nsonga yake pa kolimeta kuti kuwala kugwere pa nkhope zonse ziwiri, n'kupeza chithunzi cha kampata chonyezimira kumanzere ndi china kumanja. Ngodya imene telesikopu yayenda pakati pa ziwirizo ndi A kawiri. D nayonso ndi bwino kuiyeza mbali ziwiri: kupatuka kochepetsetsa kumanzere, kenako prizimu itatembenuzidwa, kumanja, n'kugawa kusiyanako pakati. Mukatero simudaliranso kuwerenga kumodzi kwa njira yowongoka, komwe kukalakwika kumalakwitsa mizere yonse pamodzi.

Wowerenga ngodyazi ndi veniya. Pa zida zambiri za m'sukulu, mbale yaikulu imagawidwa m'matheka a digiri, ndipo kasikelo ka veniya kali ndi magawo 30 otenga malo a magawo 29 a mbaleyo. Zimenezi zimalola kuwerenga mpaka miniti imodzi, yomwe ndi gawo limodzi mwa magawo 60 a digiri. Maveniya amakhala awiri, moyang'anizana, chifukwa pakati pa mbale ndi pomwe telesikopu imazungulira sipakumana ndendende, ndipo kutenga pakatikati pa zomwe awiriwo apereka kumachotsa kulakwako. Cholakwa chofala kwambiri pano n'kuiwala theka la digiri, kulemba 48°06' m'malo mwa 48°36'. Chimagwidwa msanga pa girafu, chifukwa dontho lotere limagwera patali lokha.

Nyale ya mekyule imafuna maminiti angapo kuti itenthe ndi kuwala mokhazikika, ndipo siyang'anidwa mwachindunji, chifukwa imatulutsanso kuwala kosaoneka kwa mananomita 253.7 komwe kumapweteka maso. Galasi la chida limakutchinga, koma mng'alu wa m'mbali mwa nyale sutchinga kanthu. Ikakhazikika, mizere yake siivuta kuizindikira. Kuyambira mbali yopatuka pang'ono, pali iwiri yachikasu yogundizana, ya 579.1 ndi 577.0, kenako wobiriwira wowala kuposa yonse wa 546.1. Patsogolo pake pali wina wofooka wapakati pa kubiriwira ndi buluu wa 491.6, umene ambiri sauona mpaka chipinda chitada, kenako wa buluu wamphamvu wa 435.8, ndipo kumapeto kuli iwiri ya vayoleti, wofooka wa 407.8 ndi wowala wa 404.7. Onsewa ndi mananomita. Mekyule imakondedwa chifukwa mizere yake ndi yochepa, yowala, ndiponso yovuta kuisokoneza. Koma onani pomwe mndandandawu wathera. Kupyola pachikasu mulibe mzere wamphamvu wodalirika. Mbali yonse yofiira ili pamtunda wosayezedwa.

Titenge chitsanzo cha nambala zoyenerana ndi prizimu ya flinti ya A = 60°00'. Mzere wa 577.0 watembenukira pa 48°17', wa 546.1 pa 48°36', wa 435.8 pa 50°22', ndipo wa 404.7 pa 51°15'. Tikaika 50°22' m'fomula ija, theka la A + D ndi 55°11', saini yake ndi 0.8210, ndipo kugawa ndi saini ya madigiri 30, yomwe ndi theka, kumapereka n ya 1.6420. Mizere inayo ikupereka 1.6209 pa wachikasu, 1.6242 pa wobiriwira ndi 1.6507 pa wa vayoleti.

Tikadajambula n molunjika ndi utali wa funde, tikadapeza mzere wokhota, wovuta kuutsata ndi dzanja. Augustin-Louis Cauchy, mu 1836, adapereka njira yowongolera kukhotako:

n = a + b/λ²

Apa λ ndi utali wa funde, ndipo a ndi b ndi nambala za galasilo. Tanthauzo lake n'lakuti mukajambula n molingana ndi 1/λ², madontho ayenera kugwera pa mzere wowongoka. Kuti nambala zisachuluke maziro, λ timaiwerenga m'mamaikiromita, motero 435.8 imakhala 0.4358 ndipo 1/λ² yake ndi 5.265, pomwe ya 577.0 ndi 3.004. Pakati pa madontho awiriwa n yakwera ndi 0.0211 pomwe 1/λ² yakwera ndi 2.261. Kugawa ziwirizi kumapereka b ya 0.00933, ndipo a imatsala 1.5929. Pa ntchito yeniyeni mzere umakokedwa podutsa pakati pa madontho onse, koma pano tagwiritsa awiri okha dala, kuti otsalawo akhale mboni.

Mboni yoyamba ikuvomereza. Pa mzere wobiriwira, 1/λ² ndi 3.353, ndipo fomula ikulosera n ya 1.6242, yomwe ndi imene tayeza. Mboni yachiwiri ikukana. Pa 404.7 fomula ikulosera 1.6499, koma chida chapereka 1.6507. Kusiyana kwa zomwe fomula yalosera ndi zomwe zayezedwa kumatchedwa chotsalira, ndipo chotsalira ichi ndi 0.0008. Kodi n'chachikulu? Pa prizimu imeneyi, miniti imodzi ya D imasintha n ndi 0.00017, choncho 0.0008 ndi pafupifupi maminiti asanu. Veniya siingalakwitse motero m'manja mwa munthu wosamala. Wolakwa ndi fomula. Ya Cauchy ya zigawo ziwiri ndi yongoyandikira, ndipo madontho enieni a galasi la flinti amakhotabe pang'ono, nsonga zonse ziwiri zikuloza m'mwamba. Wophunzira wofuna girafu yokongola amafufuta dontho la vayoleti kuti lasokonekera. Ine ndimaliona ngati dontho lofunika kuposa onse, chifukwa ndi lokhalo limene likutiuza mbali imene fomula inamize nayo. Pakati pa madontho awiri aja, galasi lenileni lili pansi pang'ono pa mzere wathu, motero utali umene tipeze ukhala wopitirira pang'ono. Kunja kwawo, kumbali yofiira, lili pamwamba pa mzerewo, motero utali umene tipeze ukhala wopelewera.

Tsopano tichotse nyale ya mekyule, tiike chubu chopanda dzina, chowala mofiirira cha ku pinki. M'telesikopu mukuoneka mizere itatu yomveka: wofiira wowala pa 47°43', wabuluu wobiriwirako pa 49°23', ndi wa vayoleti wofookerako pa 50°25'. Njira yake ndi yomwe ija koma chobwerera. Pa ngodya timapeza n, pa n timachotsa a n'kugawa ndi b kuti tipeze 1/λ², kenako λ. Wa vayoleti ukupereka n ya 1.6425 ndi utali wa 434. Wapakati ukupereka 1.6321 ndi 488. Wofiira ukupereka 1.6151 ndi 648.

Nambala zitatuzi sizolemera mofanana, ngakhale zalembedwa mofanana. Ya 434 ili pamaminiti atatu okha kuchokera pa mzere wa buluu wa mekyule, womwe ndi umodzi mwa mizati ya kalibulesheni yathu, ndipo kudera limenelo miniti imodzi ndi yosakwana nanomita imodzi. Imeneyi tingaikhulupirire. Ya 488 ili pakati pa mizati, kumene miniti imodzi ndi nanomita imodzi, ndipo tikudziwa kale kuti yapitirira pang'ono. Ya 648 ndiyo yofooka. Kumbali yofiira miniti imodzi ndi mananomita awiri ndi theka kapena kuposerapo, ndipo pamwamba pa izo tatuluka kunja kwa dera limene mekyule idatiyezera. Kuwerenga pakati pa madontho odziwika n'kosiyana kwambiri ndi kutambasula mzere kupyola dontho lomaliza.

Msampha wake ndi uwu. Mukatsegula tebulo la mizere n'kufunafuna nambala yoyandikana ndi 648, mupeza mzere wofiira wa kadimiyamu pa 643.8, wotalikira mananomita anayi okha, pomwe wofiira wa haidirojeni, pa 656.3, watalikira asanu ndi atatu. Woyang'ana mzere umodzi alemba kadimiyamu, ndipo masamu ake aoneka olondola. Koma chotsalira cha vayoleti chija chatichenjeza kale kuti kumbali yofiira yankho lenileni lili pamwamba pa 648, osati pansi pake. Ndipo atomu siizindikirika ndi mzere umodzi. Imabwera ndi mizere yake yonse. Kadimiyamu ikadakhalamo, tikadaona wobiriwira wamphamvu pa 508.6 ndi iwiri yabuluu pa 480.0 ndi 467.8, koma malo amenewo muli mdima. Hiliyamu ili ndi wofiira pa 667.8 ndi wina pa 492.2, womwe suli patali ndi 488, koma chubu cha hiliyamu sichingayake popanda mzere wake wachikasu wa 587.6 kuwala kwambiri, ndipo pano palibe chikasu. Mzere umene kulibe ndi umboni wofanana mphamvu ndi umene ulipo. Chatsala ndi haidirojeni: 656.3, 486.1 ndi 434.0. Mizere yonse itatu yapeza mwini wake mmodzi, ndipo iliyonse yaphonya mbali imene timayembekezera.

Haidirojeni ili ndi njira ina yodzitsimikizira imene maatomu ena alibe. Mu 1885, Johann Balmer, mphunzitsi wa masamu wa ku Basel, adapeza kuti mizere yake yooneka imatsata lamulo ili:

λ = 364.6 × m²/(m² − 4)

Mukaika 3, 4 ndi 5 pa m mumapeza mizere itatu ija, ndipo 6 imalosera wachinayi pa 410.2. Choncho mutsekule kampata pang'ono, muzimitse magetsi onse, mudikire kuti diso lizolowere mdima, n'kuyang'ana pafupi ndi pomwe panali mizere ya vayoleti ya mekyule, mbali yopatuka pang'ono. Kamzere kofooka kakapezeka pamenepo, ulosi wakwaniritsidwa ndi chinthu chimene simunachigwiritse ntchito posankha dzina. Mungaonenso timizere tambiri tofooka tothinana cha kuchikasu ndi kulalanje. Timeneto si mpweya wina ayi, ndi haidirojeni yomweyo imene maatomu ake akadali awiriawiri m'mamolekyulu.

Chubucho chikadziwika, chimasanduka muyezo nachonso. Mzere wa 656.3 tsopano ndi mzati wa kumbali yofiira umene mekyule inalibe, ndipo ndi madontho ochuluka chonchi mungawonjezere gawo lachitatu, c/λ⁴, pa fomula ya Cauchy kuti kukhota kuja kulowemo.

Pali njira ina yachidule imene malabotale ambiri amatsata, ndipo kuisakaniza ndi yoyambayi kumabweretsa chisokonezo. M'malo mosaka kupatuka kochepetsetsa kwa mzere uliwonse, prizimu imaikidwa pa kupatuka kochepetsetsa kwa mzere wobiriwira, katebulo n'kumangidwa, kenako mizere yonse, ya mekyule ndi yosadziwika, n'kuwerengedwa prizimu ili pomwepo. Ndi njira yabwino ndiponso yofulumira, koma ngodya zake, kupatula ya wobiriwira, sizilinso za kupatuka kochepetsetsa, motero siziyenera kulowa m'fomula ya n. Zimajambulidwa molunjika ndi utali wa funde, kapena kuikidwa m'fomula ya Johannes Hartmann, yokhala ndi nambala zitatu zopezedwa kuchokera pa mizere itatu yodziwika. Mtengo wake ndi wakuti chigongono chikagunda katebulo posintha nyale, kalibulesheni yonse yafa, ndipo chida sichikuuzani. Njira yokhayo yodziwira n'kubwezeretsa mekyule pamapeto n'kuona ngati wobiriwira akadali pa timawaya.

Kudalira kwa prizimu pa miyezo yochokera kwina n'kwakale ngati chida chomwecho. Joseph Fraunhofer, cha m'ma 1814, adalemba mizere yakuda ya m'kuwala kwa dzuwa n'kuipatsa zilembo, ndipo adaifuna ngati zikhomo zokhazikika zoyezera indekisi ya magalasi amene ankapanga. Mizere imene adaitcha C ndi F ndi yomwe ija ya haidirojeni ya 656.3 ndi 486.1. Gustav Kirchhoff ndi Robert Bunsen, ku Heidelberg, adasonyeza kuti chinthu chilichonse chili ndi mizere yakeyake, napeza siziyamu mu 1860 ndi rubidiyamu mu 1861 poona mizere imene inalibe mwini. Komabe nambala za pa mapu a dzuwa a Kirchhoff zinali za sikelo ya chida chake, zosamveka pa chida cha munthu wina. Mapu a Anders Ångström a mu 1868 ndi amene adapereka mautali enieni, ndipo iye sadagwiritse ntchito prizimu koma giretingi, galasi lolembedwa timizere tambirimbiri tothinana, limene ngodya zake zimapereka utali wa funde mwachindunji munthu akadziwa kutalikirana kwa timizereto.

Patsala lingaliro limodzi limene limasokonezedwa ndi kulondola kwa kalibulesheni, ndilo mphamvu yolekanitsa. Imeneyi ndi nambala yosonyeza ngati chida chingaonetse mizere iwiri yoyandikana ngati iwiridi, ndipo imapezeka pogawa utali wa funde ndi kusiyana kwa mizereyo. Iwiri yachikasu ya mekyule, yosiyana ndi mananomita 2.1, imafuna mphamvu ya pafupifupi 275. Iwiri ya sodiyamu, pa 589.0 ndi 589.6, imafuna pafupifupi 1,000. Mphamvu ya prizimu ndi kutalika kwa tsinde limene kuwala kwadutsa, kuchulukitsa ndi liwiro limene n ikusinthira pa dera limenelo. Ya flinti yathuyi, tsinde lake likakhala la masentimita atatu ndipo kuwala kwadzaza nkhope yonse, imafika pafupifupi 2,900 pachikasu. Ndiye kuti ndi kampata kopyapyala ndi kachunidwe kabwino, diso liona mizere yachikasu ya mekyule itapatukana bwinobwino, ndipo n'chifukwa chake ili mayeso abwino a kakonzedwe ka chida: ikaoneka ngati umodzi wonenepa, bwererani ku kampata ndi kolimeta. Koma pa veniya iwiriyi ndi 48°17' ndi 48°16', miniti imodzi yokha. Diso likuona zimene sikelo siingathe kuwerenga.

Zotsatira zake zimaonekera pa mzere wachikasu wosadziwika. Wa hiliyamu uli pa 587.6, ya sodiyamu ikuyambira pa 589.0, ndipo kusiyanako sikukwana miniti imodzi pa chida chathu. Palibe kalibulesheni, ngakhale yosamalitsa motani, imene ingathetse mlanduwu ndi ngodya yokha. Mumauthetsa popyapyaza kampata n'kuona ngati mzerewo ukugawika pawiri, zomwe zikuloza sodiyamu, kapena posaka abale ake a hiliyamu pa 667.8, 501.6 ndi 447.1. Njira yachitatu n'kulowetsa nyale ziwiri pa kampata kamodzi, ina kumtunda ina kumunsi, pogwiritsa ntchito kaprizimu kakang'ono kotchinga theka la kampatako, kuti mizere iimirire moyandikana diso liweruze lokha. Mzere wachikasu wa hiliyamu uja ndi womwe udaoneka m'malawi a m'mphepete mwa dzuwa mu 1868, pafupi ndi ya sodiyamu koma osagwera pamalo pake. Norman Lockyer adati ndi wa chinthu chatsopano, ndipo hiliyamuyo idadzapezeka padziko pano mu 1895, William Ramsay ataitulutsa mu mwala wa yureniyamu.

Kumene nyale ya mekyule ya m'labotale yapsa kapena kulibe, chubu cha magetsi cha m'kalasi kapena babu yopiringizika yosunga magetsi ingathandize, chifukwa m'kati mwake muli nthunzi ya mekyule. Wobiriwira wa 546.1 ndi wabuluu wa 435.8 amaoneka pamalo awo omwewo. Koma ufa woyera wopakidwa m'kati mwa galasi nawo umawala. M'mababu ambiri osunga magetsi umapereka mzere wamphamvu wofiira cha kulalanje pafupi ndi 611, wochokera ku yuropiyamu, ndi wina wobiriwira wa tebiyamu wogundizana ndi wa 546.1 mbali yake ya buluu, umene ungakoke timawaya kuchoka pa mzere weniweni. Wofiirawo umakopa chifukwa uli m'dera lomwe mekyule ilibe mzati, koma si wa mekyule, ndipo ndi wonenepa kuposa mizere ya mpweya. Mababu a LED, amene akulowa m'malo mwa akalewa m'nyumba zambiri, alibe mekyule n'komwe: m'telesikopu amaonetsa buluu wotambalala ndi chikasu chosaduka, opanda mzere woti n'kuikapo timawaya.